Pangano lomangidwa pa mawu osaona: kulifafaniza kapena kulipiritsa wonenayo

M'chaka cha 1881 khoti la apilo la ku Mangalande linaweruza mlandu wa maloya awiri, Redgrave ndi Hurd, ndipo chigamulo chake chikutsatidwabe m'mayiko ambiri amene malamulo awo a mapangano anachokera ku makhoti a Angerezi. Redgrave, yemwe anali atakalamba, analengeza kuti akufuna loya wina woti agwire naye ntchito, koma kuti munthuyo agulenso nyumba yake. Anauza Hurd kuti ofesi yake inkalowetsa mapaundi pakati pa 300 ndi 400 pa chaka. Mapepala amene anamuonetsa ankangofika pa mapaundi pafupifupi 200, ndipo Hurd atafunsa za ndalama zotsalazo, Redgrave anamulozera mulu wina wa makalata n'kunena kuti zonse zili m'menemo. Hurd sanawerenge makalatawo, ndipo akanawawerenga akanapezamo ntchito ya mapaundi 5 kapena 6 basi. Anavomera kugula nyumbayo pa mapaundi 1,600, n'kulipira 100 ya chikole, koma atazindikira kuti ofesiyo inalibe phindu anakana kumaliza kulipira, ndipo Redgrave anakamusumira.

Redgrave ankatsamira pa mfundo imene ambiri a ife tingaione ngati yomveka, yakuti munthu amene wapatsidwa mapepala m'manja koma osawawerenga asadandaule kuti wapusitsidwa. Woweruza George Jessel anaikana mfundoyi. Iye anati amene wanena zosaona pofuna kukopa mnzake sangadzitchinjirize ponena kuti mnzakeyo akanazitulukira akanachita khama. Hurd analoledwa kutuluka m'panganolo ndipo chikole chake chinabwezedwa. Koma atapempha kuti alipidwenso ndalama zimene anawononga chifukwa cha nkhaniyi, khoti linakana, popeza m'dandaulo lake sananene kuti Redgrave ankadziwa kuti akunama. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pofafaniza pangano, khoti silifunsa kwenikweni zimene zinali mumtima mwa wonenayo, limangofuna kudziwa ngati mawuwo anali osaona ndiponso ngati ndiwo anakopa mnzake. Koma pofuna chipukutamisozi, zimene zinali mumtimamo, kapena kusamala kumene wonenayo anachita asanatsegule pakamwa, ndizo zimagamula. Ambiri amene amagwa pa milandu yotereyi sagwa chifukwa choti sananamizidwe, koma chifukwa choti anapempha thandizo lolakwika, kapena anachedwa kupempha loyenera.

Si mawu aliwonse osaona amene lamulo limawerengera. Ayenera kukhala onena za chinthu chimene chilipo kapena chimene chinachitika, osati kungotama malonda kapena kungoganizira. Pa mlandu wa Bisset ndi Wilkinson, wochokera ku Nyuzilandi, womwe unagamulidwa mu 1926, mwini malo anauza ogula kuti akuganiza kuti malowo angakwanire nkhosa 2,000. Onse ankadziwa kuti iyeyo sanawetepo nkhosa pa malo onsewo, choncho khoti linati amenewo anali maganizo chabe a munthu wosadziwa zambiri kuposa ogulawo. Zimasintha pamene wonenayo ndiye akudziwa zenizeni. Mu 1884 ogulitsa hotela ina analemba kuti lendi wokhalamo, bambo wina dzina lake Fleck, anali lendi wabwino koposa, pamene ankadziwa kuti ankalipira movutikira ndipo anali ndi ngongole ya lendi. Khoti linati mwininyumba akatama lendi wake amakhala akunenanso kuti sakudziwa chilichonse chotsutsana ndi matamandowo, ndipo chimenecho ndicho chinali chabodza.

Kukhala chete nakonso, mwa lamulo lachizolowezi, si kunamiza: wogulitsa sakakamizidwa kuulula chilichonse chimene sanafunsidwe, kupatula pa mapangano ena apadera amene amadalira kukhulupirirana kotheratu. Koma amene wayamba kulankhula ayenera kumaliza. Mu Januwale 1934 dokotala wina, O'Flanagan, anauza ofuna kugula chipatala chake kuti chinkalowetsa mapaundi 2,000 pa chaka, ndipo panthawiyo zinali zoona. Kenaka anadwala, odwala anayamba kupita kwina, moti pofika mu Meyi, pamene ankasaina pangano, chipatalacho chinkalowetsa mapaundi pafupifupi 5 pa mlungu. Iye sananene kanthu. Khoti la apilo linati mawu a mu Januwale ankagwirabe ntchito mpaka tsiku losaina, ndipo kusawakonza kunali chimodzimodzi kuwabwereza ali abodza.

Mawu akapezeka kuti anali osaona ndipo anakopadi munthu, funso lotsatira n'lakuti wonenayo ananena motani. Mtundu woyamba ndi wachinyengo, ndipo malire ake anaikidwa mu 1889 pa mlandu wa Derry ndi Peek. Kampani ina yoyendetsa ngolo za pa njanji m'misewu ya mzinda wa Plymouth inalemba m'chikalata choitanira anthu kugula masheya kuti inali ndi ufulu woyendetsa ngolozo ndi nthunzi m'malo mwa akavalo. Zoona zake zinali zakuti ufuluwo unkadikira chilolezo cha boma, chimene akuluakulu a kampaniyo ankakhulupirira kuti chibwera popanda vuto. Chilolezocho chinakanidwa pa mbali yaikulu ya njirayo, kampani inagwa, ndipo Peek, amene anagula masheya, anasumira akuluakuluwo. Khoti lalikulu koposa panthawiyo linati chinyengo chimakhalapo pokhapokha munthu atanena zosaona akudziwa, kapena asakukhulupirira kuti n'zoona, kapena asakusamala n'komwe kuti n'zoona kapena n'zabodza. Amene akukhulupiriradi zimene akunena, ngakhale chikhulupiriro chake chikhale chopanda nzeru, si wachinyengo. Peek sanapeze kalikonse.

Chigamulo chimenechi chinasiya mpata waukulu. Kwa zaka zoposa 70 mawu osaona anali a mitundu iwiri yokha, achinyengo ndi onenedwa mosadziwa, ndipo munthu wosasamala, amene akanatha kufufuza koma sanafufuze, ankawerengedwa pamodzi ndi wosalakwa. Kutsimikizira khoti kuti munthu ankadziwa kuti akunama ndi ntchito yovuta kwambiri, pakuti zamumtima sizioneka ndipo oweruza safulumira kutchula munthu kuti wakuba. Mu 1963, pa mlandu wa Hedley Byrne ndi Heller, khoti lalikulu linavomereza kuti wonena zosaona mosasamala angathe kulipiritsidwa ngati panali ubale wapadera woti winayo amudalire, ngakhale kuti banki imene inasumiridwayo inapulumuka chifukwa inalemba pa kalata yake kuti siidzakhala ndi mlandu pa zimene yanena. Kenaka mu 1967 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera la mawu osaona, ndipo ndime yoyamba ya gawo lachiwiri la lamulolo inatembenuza udindo wa umboni. Wodandaula amangoonetsa kuti mnzake wa m'pangano anamuuza zosaona, kuti analowa pangano chifukwa cha zimenezo, ndi kuti wataya chuma. Akatero, wonenayo ndiye ayenera kutsimikiza kuti anali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira mawu akewo, ndi kuti ankawakhulupiriradi mpaka nthawi yopangana. Lamulo la 1967 limeneli ndi la ku Mangalande ndi ku Welesi. Mayiko ena otsata zigamulo za Angerezi ena anakhazikitsa lofanana nalo ndipo ena sanatero, choncho ndi chinthu choyamba chimene munthu ayenera kufunsa za dziko limene pangano lake lili.

Kulemera kwa udindo umenewu kumaoneka bwino pa mlandu wa Howard Marine ndi Ogden, ndipo ndikufuna kuti tiuone pafupi. Mu 1974 kampani ya Ogden inapeza ntchito yokumba dothi lambiri kumpoto kwa Mangalande, ndipo dothilo linkayenera kukatayidwa m'nyanja. Inafuna kubwereka zombo ziwiri zonyamulira katundu kwa kampani ya Howard. Phindu la ntchito yonseyo linkadalira kuchuluka kwa dothi limene chombo chimodzi chinganyamule pa ulendo umodzi, choncho a Ogden anafunsa. Woyang'anira zombo wa Howard, bambo O'Loughlin, anayankha kuti matani 1,600. Sananene zimenezi mongopeka: ankakumbukira kuti m'kaundula wa zombo wa Lloyd, amene amalonda a panyanja amamudalira kwambiri, munalembedwa matani 1,800, ndipo iye anachotserako pang'ono. Tsoka lake, pa zombo zimenezi kaundulayo analakwitsa. Zombozo zinapangidwa ku Jeremani, ndipo mapepala ake enieni, amene anali m'manja mwa kampani ya Howard ndipo O'Loughlin anali atawaonapo, ankaonetsa matani 1,195 pa chombo chilichonse, kuwerengera zonse zimene chingasenze, moti katundu weniweni wotheka kunyamulidwa anali matani 1,055.

Ntchito inayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene a Ogden anawerengera, ndipo atazindikira chifukwa chake anasiya kulipira. A Howard anasuma kufuna mapaundi oposa 93,000 a lendi ya zombo, a Ogden nawo n'kusuma kufuna 600,000. Panalibe amene anapeza chinyengo mwa O'Loughlin, pakuti ankakhulupiriradi zimene ananena. Ikanakhala nthawi ya Derry ndi Peek nkhani ikanathera pomwepo. Koma tsopano funso linali lakuti kodi angatsimikize kuti anali ndi zifukwa zomveka? Woweruza Denning anati inde, munthu amene wadalira kaundula wodalirika chotero sangatchedwe wosasamala. Oweruza anzake awiri, Bridge ndi Shaw, anakana. Iwo anati amene waonapo nambala yolondola m'mapepala a mwini chombo, kenaka n'kusankha kutsatira nambala ina yosiyana nayo kwambiri popanda kubwerera kukaona, ayenera kufotokoza chifukwa chimene anachitira zimenezo, ndipo O'Loughlin sanathe kufotokoza. Mtima wanga umamumvera chisoni bamboyu, koma ndimagwirizana ndi oweruza awiriwo. Mwa anthu awiri opanganawo, mmodzi yekha ndiye anali ndi mapepalawo m'kabati, ndipo kuwatsegula sikukanamutengera nthawi. Kuchokera pa mlandu umenewu, mtundu wachitatu, wa mawu onenedwa mosadziwa kwenikweni, unachepa kwambiri: munthu amalowamo pokhapokha atapambana mayeso amene O'Loughlin analephera.

Tsopano tibwere ku thandizo loyamba, lomwe ndi kufafaniza pangano. Limapezeka pa mitundu yonse itatu. Tanthauzo lake n'lakuti pangano limachotsedwa ngati kuti silinachitikepo, aliyense n'kubweza chimene analandira: wogula abweza katundu, wogulitsa abweza ndalama. Koma chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pangano lomangidwa pa mawu osaona silifa lokha. Limakhala lamoyo, ndipo umwini wa katundu umapitadi kwa wogula, mpaka tsiku limene wonamizidwayo wasankha kulifafaniza ndi kudziwitsa mnzakeyo. Pakati pa tsiku lopangana ndi tsiku lofafaniza pangachitike zambiri zotseka njira imeneyi.

Milandu iwiri ya magalimoto imaonetsa kuti nthawi zina kusiyana kwake ndi kwa maola ochepa. Pa 12 Januwale 1960 Caldwell anagulitsa galimoto yake ya mtundu wa Jaguar kwa munthu wina dzina lake Norris pa mapaundi 975, ndipo analandira 10 pamanja ndi cheke cha 965. M'mawa mwake banki inakana chekecho, Norris anali atazimiririka, ndipo Caldwell nthawi yomweyo anadziwitsa apolisi ndi bungwe la oyendetsa magalimoto kuti amuthandize kuipeza. Galimotoyo inadutsa m'manja angapo n'kufika kwa kampani yobwereketsa ndalama imene sinkadziwa kanthu. Khoti linati popeza wonyengayo anathawa dala kuti asapezeke, zimene Caldwell anachita pa 13 Januwale zinali zokwanira kufafaniza panganolo, umwini unabwerera kwa iye tsiku lomwelo, ndipo ogula a pambuyo pake sanagule kanthu. Lewis sanachite mwayi wotere. Anagulitsa galimoto yake kwa munthu amene ananamizira kukhala katswiri wotchuka wa mafilimu n'kumulipira ndi cheke chabodza, ndipo chinyengocho chisanadziwike wakubayo anali atagulitsa kale galimotoyo kwa Averay, wophunzira wosadziwa kanthu, pa mapaundi 200. Mu 1971 khoti la apilo linati Averay anagula kwa munthu amene panthawiyo anali mwini, ndipo Lewis sakanathanso kufafaniza. Ndiyenera kuonjeza kuti malamulo a malonda a katundu nthawi zina amatetezabe wogula wosadziwa ngakhale pangano loyamba litafafanizidwa, choncho njira ya Caldwell siipambana nthawi zonse.

Njira imatsekekanso munthu akachita zosonyeza kuti walandira panganolo atadziwa kale zoona. Pa mlandu wa Long ndi Lloyd, mu 1958, Long anagula lole pa mapaundi 750 atauzidwa kuti inali yabwino kwambiri ndipo inkayenda mamailo 11 pa galoni ya mafuta. Pa ulendo woyamba wa ntchito dainamo inafa, mafuta ankadontha, gudumu limodzi linali long'aluka, ndipo loleyo inkayenda mamailo 5 okha pa galoni. Long anadandaula, wogulitsa anati alipira theka la mtengo wa dainamo, Long n'kuvomera. Tsiku lotsatira anatumiza loleyo pa ulendo wautali ndipo inafera panjira. Atafuna kuibweza, khoti linati pamene anavomera theka la mtengo wa dainamo, ndiponso pamene anaitumizanso pa ulendo akudziwa zovuta zake, anali atasankha kukhala nayo. Zimene Long anachita ndi zimene munthu aliyense waulemu amachita, kuyesa kumvana kaye asanathamangire ku khoti, koma pa lamulo ili ulemu umenewo unamudyera ufulu wake. Amene akufuna kukambirana osataya ufuluwo ayenera kunena poyera, makamaka polemba, kuti akulandira kukonzako mongoyesa ndipo akhoza kubwezabe katunduyo.

Kuchedwa nako kumapha. Mu 1944 Leaf anagula chithunzi chojambula pamanja pa mapaundi 85 atauzidwa kuti anachijambula ndi Constable, wojambula wotchuka wa ku Mangalande, ndipo ogulitsawo ankakhulupirira zomwezo. Patapita zaka 5, pofuna kuchigulitsa, anauzidwa kuti sichinali cha Constable. Anachibweza msanga atangodziwa, koma mu 1950 khoti linati zaka 5 n'zochuluka kwambiri, chifukwa pa mawu onenedwa mosadziwa nthawi imayamba kuwerengedwa pamene munthu akanatha kutulukira zoona. Pa chinyengo zimasiyana, nthawi imayamba pamene chinyengocho chaululika. Chotsekera chomaliza ndi kulephera kubweza: chimene chadyedwa, chaphwasulidwa kapena chasinthiratu maonekedwe sichingabwezedwe. Makhoti safuna kuti chibwerere ndendende mmene chinalili, ndipo kawirikawiri amalola kuti katundu abwezedwe pamodzi ndi ndalama zolipirira kutha kwake kapena phindu limene wogula wapeza, makamaka ngati mbali inayo inachita chinyengo.

Ngakhale kufafaniza kutatheka, sikuchiza mabala onse, ndipo mlandu wa Whittington ndi Seale-Hayne wa mu 1900 umaonetsa zimenezi momvetsa chisoni. Alimi a nkhuku zamtengo wapatali anachita lendi malo atauzidwa, mosadziwa, kuti malowo anali aukhondo. Madzi ake anali oipa, woyang'anira famuyo anadwala, nkhuku zambiri zinafa, ndipo akuluakulu a dera analamula kuti mipope ya zonyansa ikonzedwe. Alimiwo anafafaniza panganolo n'kupempha mapaundi 1,525. Khoti linawabwezera lendi, misonkho ya malo ndi ndalama zokonzera mipope, chifukwa zimenezi pangano lenilenilo ndilo linawakakamiza kulipira. Za nkhuku zakufa, phindu lotayika ndi mankhwala a wodwala sanalandire kanthu, pakuti panganolo silinawakakamize kuweta nkhuku pamalopo. Zotayika zoterozo zimabwezedwa ndi chipukutamisozi chokha, chimene panthawiyo sichinkaperekedwa popanda chinyengo.

Chipukutamisozi cha mawu osaona chili ndi muyeso wakewake, wosiyana ndi wa kuphwanya pangano, ndipo apa m'pamene ziyembekezo za anthu zimasokonekera. Pangano likaphwanyidwa, khoti limamuika munthu pamene akanakhala lonjezo likanakwaniritsidwa. Pa mawu osaona, limamubwezera pamene akanakhala akanapanda kulowa panganolo n'komwe. Tiyerekeze kuti munthu wagula makina pa mapaundi 10,000 atauzidwa kuti agwira ntchito zaka ziwiri zokha, pamene agwira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mtengo wake weniweni ndi 7,000. Tinene kuti makina a zaka ziwiri enieni amagulidwa pa 12,000. Ngati mawu aja analembedwa ngati lonjezo la m'pangano, wogulayo alandira 5,000, kusiyana kwa zimene analonjezedwa ndi zimene ali nazo. Ngati anali mawu okopa chabe, alandira 3,000, kusiyana kwa zimene analipira ndi zimene ali nazo. Koma titembenuze: tinene kuti makina a zaka ziwiri enieni amagulidwa pa 9,000, kutanthauza kuti wogulayo analipira mopitirira mtengo ngakhale mawuwo akanakhala oona. Pamenepo kuphwanya pangano kumupatsa 2,000 yokha, pamene mawu osaona amupatsabe 3,000. Choncho amene anachita malonda abwino amapindula posumira lonjezo, ndipo amene anachita malonda oipa amapindula posumira mawu osaona. Loya wodziwa ntchito amawerengera mbali zonse ziwiri asanalembe dandaulo.

Pa chinyengo muyeso umenewu umatambasuka kwambiri, chifukwa wonyenga amalipira zonse zimene zatayika mwachindunji chifukwa cha panganolo, ngakhale zimene palibe akanaziyembekezera. Mu Julaye 1989 kampani ya Smith New Court inagula masheya oposa 28 miliyoni a kampani ya Ferranti pa mapensi 82 ndi kota lililonse, pafupifupi mapaundi 23 miliyoni, itanamizidwa kuti panali ena awiri amene ankalimbirana masheyawo. Popanda bodzalo mtengo wa pamsika unali cha m'ma 78. Koma mu Seputembala zinaululika kuti Ferranti yeniyeniyo inali itaberedwa ndalama zambiri ndi munthu wina wosakhudzana konse ndi bodza loyambalo, masheya anagwa, ndipo Smith New Court inawagulitsa pang'onopang'ono n'kutaya pafupifupi theka la ndalama zake. Khoti la apilo linati ilipidwe kusiyana kwa tsiku logula kokha, mapaundi opitirira pang'ono miliyoni imodzi. Khoti lalikulu, mu 1996, linati ayi: bodza ndilo linalowetsa kampaniyi m'malonda amenewa ndi kuitsekeramo, choncho wonamayo asenze kugwa konseko, ndipo inalipidwa oposa 10 miliyoni.

Kwa wonyenga sindiona chodandaulitsa pamenepa. Chimene chimandivuta ndi chigamulo cha 1991 pa mlandu wa Royscot ndi Rogerson, pamene khoti la apilo linawerenga mawu a lamulo la 1967 n'kupeza kuti wosasamala nayenso alipire pa muyeso womwewo wa wonyenga, chifukwa ndimeyo imati adzakhala ndi mlandu monga akanakhalira akanachita chinyengo. Zotsatira zake n'zakuti munthu ngati O'Loughlin, amene anangolephera kutsegula kabati, angathe kusenza zotayika zimene sakanaziganizira n'komwe, mofanana ndi amene anakonza bodza mwadala. Akatswiri ambiri a malamulo akhala akutsutsa chigamulochi, ndipo pa mlandu wa Smith New Court oweruza ena anasonyeza kukayikira, koma sanachigwetse. Kwa wodandaula izi zikutanthauza kuti pansi pa lamulo la 1967 kawirikawiri palibe chifukwa chodzivutitsira kutsimikiza chinyengo, pokhapokha ngati wonamayo si mnzake wa m'pangano, kapena ngati m'panganomo muli ndime yochotsa mlandu, pakuti ndime yotere siingateteze munthu ku chinyengo chake.

Ndime yachiwiri ya gawo lachiwiri lomwelo la lamulo la 1967 inapatsa makhoti mphamvu ina yoyang'ana mbali ya wonenayo. Pamene palibe chinyengo, woweruza angathe kukana kufafaniza pangano n'kupereka ndalama m'malo mwake, ataona kukula kwa mawu osaonawo ndi zimene mbali iliyonse ingataye. Chifukwa chake chimaoneka pa mlandu wa William Sindall ndi khonsolo ya Cambridgeshire. Kampani yomanga nyumba inagula malo pa mapaundi pafupifupi 5 miliyoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, msika wa malo usanagwe. Patapita nthawi inapeza mpope wa zonyansa pansi pa malowo, umene ogulitsa sankaudziwa, ndipo kuupatutsa kunkafuna mapaundi pafupifupi 18,000. Panthawiyo mtengo wa malowo unali utatsika kupitirira theka, ndipo kampaniyo inafuna kufafaniza pangano kuti ibwezeredwe mamiliyoni ake onse. Mu 1993 khoti la apilo linapeza kuti khonsoloyo sinanene chosaona chilichonse, koma linaonjeza kuti ngakhale ikananena, silikanalola kuti vuto la 18,000 likhale khomo lothawira kugwa kwa msika. Likanasiya panganolo lili chilili n'kulamula khonsolo kulipira mtengo wopatutsira mpopewo.